Chiwerengero cha imfa pa mliri sichimodzi ayi

Kwa zaka zambiri mawu akhala akuyenda kuno ku Salima akuti: "Akati mliri ukupha 3 pa 100, ndiye kuti anthu atatu pa 100 aliwonse m'boma lino afa." Zimenezi sizoona, ndipo zimaopseza anthu pachabe.

Tiyerekeze dera la m'mbali mwa nyanja la anthu 20,000 kumene kwabuka kolera. Kuchipatala alemba odwala 200, ndipo 6 amwalira. Mukagawa 6 ndi 200 mupeza 3 pa 100: imeneyi ndi CFR, imfa pakati pa odwala odziwika okha. Koma kolera ambiri amakhala nayo osaonetsa zizindikiro, sapitanso kuchipatala. Ngati onse amene analowedwa kachiromboka ndi 1,200, imfa zomwezo ndi munthu mmodzi pa 200, ndiyo IFR. Mukagawa 6 ndi anthu onse a m'deralo pa nyengoyo, mupeza atatu pa 10,000.

CFR imakwera ngati akulembedwa ndi odwalitsitsa okha, ndipo imaoneka yotsika ngati omwalirira kumudzi sanawerengedwe kapena ena akadali m'chipatala.

Choncho musanatumize nambala kwa anzanu, funsani: agawa ndi anthu ati, pa nyengo iti? Ngati uthengawo sukunena zimenezi, usiyeni.