Mayina abisidwedi pa ndemanga za 360?

Ndemanga za 360 ndi njira imene bwana wanu, anzanu a kuntchito ndi amene mumawayang'anira amalemba maganizo awo ndi kukupatsani malikisi pa kagwiridwe kanu ka ntchito, inunso n'kudzipatsa anu.

“Mayina akabisika, sindiye anthu azingonditukwana?” anafunsa mkulu wa alangizi a zaulimi ku Nsanje.

Ayi, bambo. Amene malipiro ake amadutsa m'manja mwanu sangakuuzeni maso ndi maso kuti mumadula anthu mawu pamsonkhano. Kubisako kumamumasula. Komatu kumagwira ntchito gulu likakhala la anthu atatu kapena kuposerapo, mayankho awo n'kuphatikizidwa. Akakhala awiri, mudzawazindikira ndi kalembedwe kokha.

Powerenga, musasakesake amene analemba mawu owawawo. Onani kusiyana kwa malikisi: ngati pa kumvetsera mwadzipatsa 5, oyang'aniridwa asanu n'kukupatsani 2, bwana wanu 4, ndiye kuti khutu mumatchera akuluakulu okha. Yambirani pamenepo, pamsonkhano wa Lolemba likubwerali.