Katemera amaliphunzitsa bwanji thupi? Tione wa chikuku

Ophunzira a sekondale kuno ku Thyolo amatifunsa kawirikawiri ife azachipatala za katemera, makamaka akafika pamutu wa chitetezo cha m'thupi mu Bayoloje. Ndiyankha potsata katemera mmodzi yekha, wa chikuku, chifukwa mukamumvetsa ameneyu enawo savuta.

M'jakisoni wa chikuku mumakhala chiyani?

Mumakhala kachilombo ka chikuku komweko, kamoyo, koma kofooketsedwa. Akatswiri adakaweta kwa nthawi yaitali m'maselo a kulabotale mpaka kadataya mphamvu zodwalitsa munthu. Maonekedwe ake akunja sadasinthe, ndipo chimene thupi limafuna ndi chimenecho. Pakhungu la kachilombo kalikonse pamakhala timapuloteni tokazindikiritsa, timene m'mabuku mwanu timatchedwa antijeni. Mwana amabayidwa theka la mililita pansi pa khungu, ndipo ku Malawi katemerayu amabwera m'botolo limodzi ndi wa matenda ena otulutsa zidzolo otchedwa rubela.

Akangobayidwa, chimachitika n'chiyani m'thupimo?

Apa ndiye pagona nkhani yonse. Kachilombo kofookako kamayamba kuswana pang'onopang'ono. Maselo oyera amene amalondera pansi pa khungu amakameza, n'kukaphwanya, kenako amanyamula tizidutswa take kupita nato ku timfundo ta m'khwapa ndi m'khosi. Ndi timfundo tomwe tija timatupa mukakhala ndi bala, anthu n'kumati mwatuluka mwanabele.

M'timfundomo mumakhala maselo a B ndi maselo a T ochuluka zedi, koma selo lililonse limazindikira antijeni ya mtundu umodzi wokha. Mwa mwana amene sanakumanepo ndi chikuku, maselo odziwa antijeni ya chikuku ndi owerengeka kwambiri. Choncho pamafunika nthawi kuti ochepawo apezeke, kenako agawikane, limodzi likhale awiri, awiri akhale anayi, mpaka achuluke. Maselo a B akachuluka amayamba kutulutsa maantibodi, timapuloteni timene timamatirira kachilombo kuti kalephere kulowa m'maselo athu. Maselo ena a T amathandiza a B pantchito imeneyi, pamene ena amapha maselo amene kachilombo kalowamo kale. Zonsezi zimatenga sabata ziwiri kapena zitatu kuti zikhwime.

Kachilombo kofookako kakatha, ambiri mwa maselo aja amafa. Koma ena amatsala kwa zaka zambiri, ndipo amenewa ndiwo maselo okumbukira. Ena a B amakakhazikika m'mafuta a m'mafupa, kumene amapitiriza kutulutsa maantibodi pang'onopang'ono. Tsiku limene chikuku chenicheni chidzalowe kudzera m'mphuno, chidzapeza maantibodi ali kale m'magazi, ndipo maselo okumbukira adzachuluka m'masiku ochepa chabe. Zili ngati mayeso a moko: funso mwalionapo kale, ndiye pa MSCE simutaya nthawi kudabwa nalo.

Ngati thupi limatha kuphunzira lokha, bwanji osangodwala chikukucho?

N'zoona kuti amene wachira chikuku sadwalanso. Koma kachilombo kolusa sikadikira kuti thupi liphunzire kaye. Pamene maselo aja akuchulukana, iko kamakhala katafika kale m'mapapo, ndipo mwana akhoza kudwala chibayo, kutsegula m'mimba, kuchita khungu kapena kutupa ubongo. Choipa china n'chakuti chikuku chimawononga maselo okumbukira matenda ena, moti mwana wochira amatsala wosatetezeka ku matenda amene thupi lake lidawadziwa kale. Mu 2010 mliri wa chikuku udagwira anthu oposa 100,000 m'dziko muno, ndipo mazana adamwalira. Sindingalole mwana aliyense kuphunzira mwa njira imeneyo pamene ina yosavulaza ilipo.

N'chifukwa chiyani kusikelo amadikira mpaka miyezi 9, n'kudzabayanso pa miyezi 15?

Funso ili limandisangalatsa, chifukwa yankho lake limaonetsa kuti masiku olembedwa m'buku la kusikelo sadangolotedwa. Mwana ali m'mimba amalandira maantibodi a mayi ake kudzera m'nsengwa. Amenewa amamuteteza miyezi yoyambirira, koma ndi obwereka: samusiyira maselo okumbukira, ndipo amatha pang'onopang'ono. Tikafulumira kubaya, maantibodi a mayiwo amagwira kachilombo ka m'katemera thupi la mwana lisanakaone n'komwe, ndiye palibe chimene laphunzira. Tikachedwa kwambiri, mwana amakhala miyezi ingapo alibe chitetezo chilichonse. Miyezi 9 ndi pakati pa ngozi ziwirizi.

Tiyeni tiwerengere. Tinene kuti ana 100 a ku Bvumbwe abayidwa ali ndi miyezi 9. Pafupifupi 85 amapanga chitetezo. Otsala 15 adabayidwa ndithu, m'buku mwawo mudalembedwa, koma matupi awo sadaphunzire, ndipo palibe angawazindikire pongowayang'ana. Pofika miyezi 15 maantibodi a mayi amakhala atatheratu, choncho jakisoni wachiwiri amagwira pafupifupi onse 15 aja. Makolo akanyalanyaza wachiwiriyu, chaka chilichonse chimaonjezera gulu lina la ana osatetezeka, mpaka amachuluka mokwanira kuyambitsa mliri. Chikuku sichichedwa kufala: wodwala mmodzi akhoza kupatsira anthu 12 mpaka 18 pamalo pamene onse alibe chitetezo. N'chifukwa chake pamafunika kuti anthu 95 mwa 100 aliwonse akhale otetezedwa kuti kachilombo kasowe kolowera. Ngati muli ndi mng'ono kapena mlongo wamng'ono kunyumba, kaoneni m'buku lake ngati malo onse awiri adalembedwa.

Mng'ono wanga adatentha thupi atabayidwa. Kodi katemera adamudwalitsa?

Ana ena amatentha thupi, ena amatuluka timatuza tochepa, pakapita masiku 7 mpaka 12 chibayidwire. Ndi nthawi imene kachilombo kofooka kachuluka ndipo maselo oyera ali pakalikiliki. Zimatha pa tsiku limodzi kapena awiri, ndipo mwanayo sapatsira anzake. Amene sadatenthe thupi musamudere nkhawa, nayenso amapanga chitetezo. Koma kumbukirani kuti kuno malungo ndi ambiri. Mwana akatentha kwambiri, akakomoka, akamakana kuyamwa kapena akamapuma movutikira, apite naye kuchipatala tsiku lomwelo akayezedwe, osangoti ndi za jakisoni.

Kodi katemera angalephere kugwira ntchito?

Angalephere, ndipo chifukwa chachikulu ndi kutentha. Popeza kachilomboko ndi kamoyo, kakafa sikaswana, ndiye thupi siliona chokwanira kuti liphunzire. Katemerayu amasungidwa m'filiji pa madigiri 2 mpaka 8. Alangizi a zaumoyo akamapita kusikelo ya kumudzi, kaya ku Thekerani kaya kumaesiteti a tiyi, amamunyamulira m'bokosi lokhala ndi madzi oundana. Pabotolo pamakhala kachizindikiro kozungulira kokhala ndi kabokosi koyera pakati. Kabokosiko kakada kufanana ndi kozungulirako, ndiye kuti botolo latenthedwa ndipo timalitaya. Katemerayu amabwera ngati ufa, ndipo akasungunulidwa ayenera kugwiritsidwa ntchito pasanathe maola 6.

Aliyense angalandire?

Ayi. Amayi oyembekezera sapatsidwa, ngakhalenso munthu amene chitetezo chake chatsika kwambiri, chifukwa thupi lotero likhoza kulephera kugonjetsa ngakhale kachilombo kofookako. Mwana amene ali ndi HIV koma sakudwalika amabayidwa, ndipo ndi wofunika kwambiri kumuteteza chifukwa chikuku chimamupweteka kuposa anzake. Amene sangabayidwewo, pamodzi ndi makanda osakwana miyezi 9 amene maantibodi a amayi awo ayamba kutha, amadalira kuti anthu owazungulira akhale otetezedwa kuti chikuku chisawafike.