Kamzere kamodzi kamene kanadya phindu la 180,000

Mnzanga wina wowerengera ndalama anali atamaliza msonkho wa kampani ina, mawa lake kukhala tsiku lomaliza kupereka mafomu. Masamu onse pa kompyuta ankagwirizana. Chinamuletsa kutseka faelo ndi chakuti msonkhowo unali wochepa kwambiri poyerekeza ndi phindu.

Kuti mumvetse, dziwani kuti phindu la m'mabuku a kampani si limene amadulirapo msonkho. M'mabuku timachotsa ndalama yoimira kutha kwa makina ndi magalimoto chaka chilichonse. M'maiko ambiri a msonkho savomereza chochotsera chimenechi, ali ndi chawo chimene lamulo limalola. Choncho chathu chija timachibwezera pa phindu, kenako n'kuchotsa chawocho.

Kampaniyi inapindula 800,000. Kutha kwa makina kunali 90,000, ndipo chololedwa ndi lamulo chinali 120,000. Mayiyu sanayambe n'kufufuza mzere ndi mzere ayi. Anadzifunsa kuti, poti ziwirizi zikusiyana ndi 30,000 yokha, phindu lodulirapo msonkho liyenera kukhala 770,000, nanga bwanji kompyuta ikuonetsa 590,000?

Panasowa 180,000, koma m'mabuku monse munalibe nambala yotero. Apa ndi pamene ndikufuna mugwire: anaigawa pawiri, n'kupeza 90,000, ndalama ya kutha kwa makina ija. Mukachotsa chimene munayenera kuphatikiza, cholakwikacho chimakula kawiri, chifukwa simunaike ndalamayo, ndiponso mwaichotsa. Kuiwala nambala kumasiya mpata wofanana ndi nambalayo, pomwe kutembenuza chizindikiro kumasiya mpata wowirikiza.

Fomula yake pa kompyuta, momwe B2 ndi phindu la m'mabuku, B3 kutha kwa makina, ndipo B4 chololedwa ndi lamulo, inali bwinobwino:

```
=B2+B3-B4
```

Vuto linali mu B3. Pulogalamu yosunga mabuku inatulutsa ndalama zogwiritsidwa ntchito zili ndi chizindikiro chochotsera kutsogolo, ndiye mmenemo munalowa -90,000. Kuphatikiza nambala yotero n'chimodzimodzi kuichotsa, ndipo kompyuta singakuchenjezeni, chifukwa yachita zomwe mwaiuza.

Tiyerekeze kuti msonkho ndi 30 pa 100 iliyonse. Kampani ikanalipira 177,000 m'malo mwa 231,000. Yotsalayo, 54,000, ikanadzafunidwa tsiku lina pamodzi ndi chiwongoladzanja, mwinanso chindapusa, mwini kampani atagwiritsa kale ntchito ndalamazo.

Atakonza B3 sanapite kukagona. Anaona manambala ena onse ochokera ku pulogalamu yomweyo, ndipo ine ndimati apa ndi pomwe anagwira ntchito yeniyeni, pakuti njira yogawa pawiri ija imathandiza cholakwika chikakhala chimodzi chokha. Zikakhala ziwiri, theka la mpatawo silifanana ndi nambala iliyonse m'mabuku, kapena chimodzi chimabisa chinzake. Kenako anaimbira mwini kampani usiku womwewo, kuti kukacha akonzeretu 54,000 yowonjezera asanasaine fomu.