Thovu lachepa: mulembe chiyani mu lipoti?

Mwezi wa Okutobala ukafika kuno ku Chigwa cha Shire, malipoti a ophunzira a sayansi omwe ndimachonga amayamba kufanana. Zotsatira zikatsika, aliyense amalemba kuti kutentha kwapha enzaimu. Munthu amene wayendapo masana pa Ngabu kapena pa Bangula sangadabwe ndi ganizo limeneli. Koma gawo la lipoti lokambirana zotsatira limafuna kuti chifukwa chomwe mwatchula chikhale ndi umboni wochokera pa tebulo lanu lomwelo.

Titenge ntchito ya mtsikana wina wa Fomu 4. Ankayeza katalezi, enzaimu yomwe imapezeka yambiri m'chiwindi. Ntchito ya enzaimuyi ndi kuphwanya haidrojeni perokisaidi kuti asanduke madzi ndi mpweya wa okosijeni: 2H2O2 → 2H2O + O2. Anasinja kachiwindi ka mbuzi, n'kusungunula ndi madzi ambiri, n'kuthira mililita imodzi mu chubu momwe munali mamililita 5 a perokisaidi wa 3 peresenti. Mpweya, womwe umatuluka ngati thovu, unkadutsa m'kapaipi kupita m'silinda yozondotsa m'madzi. Mu Juni, poyeza chimodzimodzi, kalasi inapeza mamililita 30 m'mphindi yoyamba. Iye anapeza 12 okha.

Ndinamufunsa kuti, “Mwanawe, mbuzi ili moyo, thupi lake limatentha bwanji?” Ndi pafupifupi madigiri 39. Ndiye kuti katalezi wa m'chiwindi amagwira ntchito tsiku ndi tsiku pa kutentha kofanana ndi kwa m'kalasi mwathu masana a chilimwe. Kufunda kotere kumafulumizitsa ntchito ya enzaimu. Imawonongeka kutentha kukapitirira kwambiri, n'chifukwa chake chiwindi chowiritsa sichichita thovu. Amayi ophika thobwa amadziwa zimenezi: chimera, chomwe nachonso chili ndi enzaimu, amathira phala litayamba kuzizira.

Tsono wolakwa ndani? Pali nambala imodzi yomwe ophunzira ambiri salemba, ndiyo kuchuluka kwa mpweya wonse thovu likaleka. Perokisaidi wa 3 peresenti amatulutsa okosijeni wochuluka pafupifupi kakhumi kuposa iye mwini, choncho mamililita 5 ayenera kupereka pafupifupi 50. Enzaimu ikakhala yofooka, mpweya umabwera mochedwa koma umapitirirabe kukwera, poti perokisaidi woti iphwanye akadalipo. Perokisaidi akakhala wosukuluka, mpweya umaima msanga, ngakhale mudikire mpaka belu lowerukira.

Wa mtsikanayu unaima pa 21. Tinawonjezera madzi ena a chiwindi mu chubu chomwecho, koma munangoti zii, popanda thovu. Enzaimu ikanakhala kuti ndiyo inafa, yatsopanoyo ikanapeza perokisaidi wotsala n'kuyambiranso kuwira. Panalibe chotsala. Taonaninso kuti 21 pa 50 ndi pafupifupi magawo awiri mwa asanu, ndipo 12 pa 30 ndi chimodzimodzi. Zikugwirizana, chifukwa perokisaidi akachepa mphamvu, liwiro la katalezi limatsika naye limodzi.

Botolo lake tinalipeza pa zenera. Perokisaidi amaphwanyika yekha pang'onopang'ono, ndipo kuwala ndi kutentha zimamuthamangitsa, n'chifukwa chake amagulitsidwa m'botolo lakuda kapena losaonekera m'kati. Pepala la pabotolo limanenabe 3 peresenti, koma pepala silidziwa kuti botolo latha miyezi likuwotha dzuwa. Mwina kutentha kunalakwadi, kungoti sikunaphe enzaimu.

Panatsala chokayikitsa china. Mpweya ungathe kuthawira pa chotsekera chosagwira bwino, kapena pa kanthawi kamene munthu akutseka chubu atathira kale, ndipo izi nazo zimatsitsa manambala onse awiri. Tinabwerezanso ndi zipangizo zomwezo, madzi a chiwindi omwewo, koma botolo latsopano. Mphindi yoyamba inapereka 31, ndipo mpweya wonse unafika 47. Chotsekera chinalibe mlandu waukulu.

Ndime yomwe analemba pomaliza inali yotere: “Tinapeza mamililita 12 m'mphindi yoyamba m'malo mwa 30. Mpweya wonse unali 21 m'malo mwa pafupifupi 50, ndipo kuwonjezera enzaimu sikunatulutse wina. Botolo latsopano linapereka 31 ndi 47. Izi zikusonyeza kuti perokisaidi woyamba anali atatha mphamvu, mwina chifukwa chosungidwa pa dzuwa. Sitinayeze kutentha kwa m'chubu, ndipo botolo lililonse tinaliyeza kamodzi kokha, choncho sitinganene motsimikiza kuti mphamvu inatsika ndi zingati.”

Mawu oti “mwina” ndinawasiya momwemo. Kuti botolo linasukuluka tinakuona ndi manambala, koma kuti ndi dzuwa ndi ganizo chabe, poti chivindikiro chosatseka bwino kapena kachitsotso kogwera m'botolo kangachitenso zomwezo. Ndinangofufuta chiganizo chimodzi chomwe anachiika pansi mwachizolowezi, chonena kuti panali “zolakwitsa za munthu”, chifukwa sichinatchule kuti cholakwikacho n'chiyani, kapena kuti chikanakweza kapena kutsitsa nambala.