Otsatira 8,000 koma ogula osaoneka

Tiyerekeze mayi wogulitsa zitenje mu Limbe, amene tsamba lake la Instagram lili ndi otsatira 8,000. Akaika chithunzi cha katundu watsopano, amene achikonda ndi anthu 40 okha, wofunsa mtengo mwina mmodzi. Chaka chatha adalipira mnyamata wina kuti akulitse tsambalo, ndipo otsatira adachoka pa 4,000 kufika pa 8,000 m'sabata imodzi. Kudumpha kotereku n'kokwanira kukayikitsa, chifukwa anthu enieni amabwera pang'onopang'ono.

Umboni woti otsatira atsopanowo ndi abodza adaupeza mu `Insights`, gawo limene limapezeka pa akaunti ya bizinesi. Pamndandanda wa mizinda ya otsatira, Blantyre ndi Lilongwe zidali pansi pa mizinda yakunja kumene sadatumizeko ngakhale chitenje chimodzi. Kenako adasankha otsatira 100 mwachisawawa n'kuwatsegula mmodzimmodzi. Pafupifupi 50 adali opanda chithunzi, dzina lodzaza manambala, osaikapo chilichonse, koma akutsatira masamba zikwizikwi.

Ambiri amati akaunti zabodza zilibe vuto, zimangokongoletsa tsamba. Si zoona. Instagram imayang'ana mmene anthu alandirira chithunzi, n'kusankha ngati ichifikitse kwa ena. Akaunti yabodza siyankha, sigawana, sigula. Anthu 40 mwa 8,000 ndi theka la munthu pa 100 alionse, ndiye tsambalo limaoneka ngati losasangalatsa, mpaka makasitomala enieni amasiya kuliona. Wogula wochenjera nayenso amaona kusiyanako n'kuyamba kukayika kutumiza ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba.

Poyeretsa, adayamba ndi kusintha pasiwedi, popeza mnyamata uja adali nayo. Kenako, pamndandanda wa otsatira, amadina madontho atatu pambali pa dzina n'kusankha `Remove`. Wochotsedwa salandira uthenga uliwonse. Ntchitoyi siyothamangira: mukachotsa mazanamazana nthawi imodzi, Instagram ingakuyeseni makina n'kukuimitsani kwa kanthawi. Pochotsa 50 patsiku, 4,000 amatenga masiku 80. Mapulogalamu olonjeza kuyeretsa tsamba mukawapatsa pasiwedi, asiyeni, ndi njira ina yoberedwera akaunti. Samalaninso kuti musachotse akaunti zopanda chithunzi koma za mayina akwathu kuno. Ena ndi azimayi amene amangoona osalemba kanthu, koma mwezi ukatha amabwera kushopu.

Pomanganso, adasiya zithunzi zotola pa intaneti. Amajambula chitenje chenichenicho panja m'mawa kuti mtundu usanamize, n'kulemba mtengo, kutalika kwake ndi nambala ya WhatsApp. Zoti "mtengo ku inbox" zimangothamangitsa anthu. Dzina la tsamba adalimata pakauntala, ndipo wogula akasoketsa chovala amamupempha chilolezo choika chithunzi. Akalipira Instagram kuti imutsatsire malonda, amasankha Blantyre ndi madera oyandikira basi.

Tsopano Loweruka lililonse amalemba m'kope manambala atatu: amene afunsa mtengo, amene alipira, ndi amene abweranso kudzagula.