Masupuni 4 a magazi, koma supuni yake iti?

Ntchito yanga kuno ku Joni ndi kuwerenga mafomu amene anthu amasayina asanalowe mu kafukufuku wa zaumoyo. Lamulo la zaumoyo la dziko lino la 2003, pa gawo 71, limati munthu asachitidwe kafukufuku asanavomere polemba, ndipo avomere atauzidwa cholinga chake, zabwino ndi zoipa zimene zingamuchitikire. Ndiye ofufuza akafuna Amalawi a ku Rosettenville, Yeoville kapena Mayfair, fomu ija amaimasulira mu Chichewa, kenako imafika kwa ine.

Ambiri amaganiza kuti ndimasaka zilembo zolakwika. Zimenezo ndimaziona pomaliza, ndipo sizitenga nthawi. Chimene chimandidyera tsiku lonse ndi ichi: womasulira pofuna kufewetsa mawu, nthawi zina amafewetsanso nkhani yeniyeniyo mpaka kusanduka ina. Chiganizo chimamveka bwino, agogo akumudzi angachimve, koma chimene chikunenedwacho si chimene chidzachitike kuchipatala.

Nchifukwa chake sindiwerenga fomu ya Chichewa payokha. Patebulo pamakhala mapepala atatu: fomu ya Chichewa, ya Chingerezi, ndi chikalata chachikulu chofotokoza mmene kafukufuku adzayendere, chimene timachitcha pulotokolo. Nambala iliyonse ya mu fomu ndimaizunguliza ndi pensulo, nkukaipeza mu pulotokolo. Ikasowa kumeneko, kapena ikasiyana, pali nkhani.

Fomu ina ya kafukufuku wa chifuwa chachikulu inali ndi mawu akuti: "Pa ulendo uliwonse tidzakutengani magazi okwana masupuni 4." Chichewa chake chilibe vuto. Pulotokolo inkati mamililita 20, ndipo ya Chingerezi inatchula masupuni a tiyi, amene imodzi imalowa mamililita 5. Womasulira anangosiya mawu oti "a tiyi". Koma Mmalawi akamva supuni amaona ija yodyera phala kapena mpunga, ndipo supuni yaikulu yoyezera imalowa mamililita 15. Masupuni 4 oterowo ndi mamililita 60, katatu kuposa zoona. Wina angati kulakwa kokuza nambala nkwabwinoko kusiyana ndi kochepetsa. Ine sindivomereza. Nkhani ya magazi kwathu ndi yoterera. Amene anali ku Mulanje kapena ku Phalombe mu 2017 akukumbukira zimene mphekesera za anamapopa zinachita. Munthu akawerenga zowopsa zimene sizoona amakana, nakauzanso anzake a kutchalitchi kuti akane.

Ndinalemba kuti: "Pa ulendo uliwonse tidzakutengani magazi okwana mamililita 20, amene ndi masupuni aang'ono a tiyi 4." Kenako ndinafuna kuwonjezera kuchuluka kwa magazi onse, popeza ndi funso limene anthu amafunsa. Apa mpamene cholakwa chachiwiri chinatulukira. Fomu inkati munthu adzabwera maulendo 5, kutanthauza mamililita 100. Pulotokolo inali ndi maulendo 6, mamililita 120, pafupifupi theka la kapu. Nditayang'ana pansi pa tsamba, pamene pamalembedwa nambala ndi tsiku la fomu, ndinaona kuti womasulira anapatsidwa fomu yachiwiri ya Chingerezi, pomwe pulotokolo inali itasinthidwa kachitatu ndipo ulendo umodzi unawonjezeredwa. Apa womasulirayo sanalakwe chilichonse. Koma kwa munthu wogwira ntchito ya m'nyumba kapena ya pagadeni, ulendo umodzi wowonjezera ndi tsiku lathunthu lopanda malipiro, mwinanso mkangano ndi abwana.

Malo amene ndimakhalapo nthawi yaitali ndi ndime ya chinsinsi. Fomu ija inkati: "Palibe wina aliyense amene adzadziwe za inu." Mawu okoma, koma abodza. A komiti yoona za ufulu wa olowa mu kafukufuku, monga ija ya pa yunivesite ya Wits, ali ndi mphamvu yoona mafayilo pofuna kutsimikiza kuti zinthu zikuyenda moyenera. Komanso chifuwa chachikulu ndi amodzi mwa matenda amene lamulo la kuno limati akapezeka, a zaumoyo a boma adziwitsidwe. Munthu atalonjezedwa kuti palibe adzadziwe, kenako namva kuti dzina lake lalembedwa ku kiliniki, adzati anamunamiza, ndipo sadzakhala akulakwa. Chofunika ndi kutchula anthu amene angaone, mmodzimmodzi, ndi chifukwa chake. Lamulo loteteza mbiri ya munthu la POPIA nalo limafuna kuti munthu auzidwe zimene akumutenga, cholinga chake, ndiponso ngati zidzatumizidwa kunja kwa dziko.

Ndikudziwa funso limene lili mumtima mwa m'bale wathu akamawerenga ndime imeneyi, ngakhale salitchula: kodi za mapepala anga zikafika ku Home Affairs? Ine sindingangolembamo kuti sizikafika chifukwa choti ndikufuna kumutonthoza. Wowerenga fomu salonjeza m'malo mwa eni kafukufuku. Ndinawafunsa, iwo anayankha polemba kuti safunsa za pasipoti kapena chilolezo chokhalira m'dziko, ndipo pamenepo mpamene chiganizocho chinalowa.

Pa ndalama panali mawu oti "malipiro". Ndinasintha kukhala "ndalama yobwezera nthawi yanu ndi imene mwawononga pa mayendedwe", chifukwa kafukufuku si ganyu.

Zonsezi zitatha, fomu imapita kwa munthu wina amene sanaonepo ya Chingerezi, kuti aibwezere ku Chingerezi, tifananitse. Njira imeneyi imagwira zambiri, koma ili ndi malire: wobwezerayo ndi wophunzira, ndipo amatha kukonza cholakwa m'mutu mwake osazindikira. Nchifukwa chake ndimaiwerenganso mokweza kwa munthu wamba, wosakhala mu kafukufukuyo. Sindifunsa kuti "mwamva?", pakuti Mmalawi waulemu amayankha kuti eya. Ndimati andifotokozere okha.

Fomu ya chifuwa chachikulu ija ndinawerengera mayi wina woluka tsitsi, wochokera ku Mangochi. Titafika pa chiganizo choti "pali mwayi wochepa woti pamalo pobayidwa pangatupe", anandiimitsa.

"Achimwene, mwati mwayi? Ndiye kutupako nkwabwino?"

"Ayi mayi, akutanthauza kuti zikhoza kuchitika, koma si kawirikawiri."

"Nanga osangonena choncho bwanji? Mwayi ndi wopeza ntchito."

Ine pamodzi ndi womasulira ndi wobwezera uja tonse tinadutsa pa mawu amenewo osaona kanthu, chifukwa m'mutu mwathu munali Chingerezi. Tinalemba kuti: "Nthawi zina, koma osati kawirikawiri, pamalo pobayidwa pamatupa pang'ono." Mayi omwewo anafunsanso ngati munthu akasiya kafukufuku pakati adzapitiriza kulandira mankhwala ake ku kiliniki. Yankho linalimo, lakuti inde, koma linabisika pa tsamba 5. Tinalikweza pa tsamba loyamba.

Fomu ikakonzedwa chonchi siipita kwa anthu tsiku lomwelo. Imalandira nambala ndi tsiku latsopano pansi pa tsamba lililonse, nkubwerera ku komiti, ndipo yokhayo imene komiti yavomereza ndi imene munthu angasayine. Inu mukadzapatsidwa fomu yotere, pemphani kope lanu lopita nalo kunyumba, ndipo onani ngati muli nambala ya foni ya komitiyo, osati ya ofufuza okha. Ngati simutha kuwerenga, payenera kukhala mboni yosakhala m'gulu la ofufuza, imene idzamvetsere pamene akukuwerengerani, musanadinde chala.