Madzi a m'chifuwa: musakane kupopedwa, chifukwa madziwo ndiwo amaulula matenda

Mphekesera yoti munthu akapopedwa madzi m'chifuwa sachedwa kumwalira, kapena kuti madziwo amabwerera ochuluka chifukwa cha jakisoniyo, ikuchedwetsa odwala ambiri. Ena amathawa mu wodi usiku woti mawa apopedwa. Ena achibale amawatenga kukawatemera mphini m'nthiti, n'kudzabwera nawo patapita milungu akulephera kupuma. Abale athu, chimene chimapha ndi matenda amene abweretsa madziwo, ndipo matendawo sitingawadziwe bwino popanda kuyeza madzi enieniwo.

Mapapo amakutidwa ndi kachikopa kopyapyala kamagawo awiri, ndipo pakati pake pamakhala timadzi tochepa kwambiri tothandiza kuti mapapo aziterereka tikamapuma. Madziwa akachuluka amapanikiza phapo. Munthu amayamba phuma, amatsokomola chifuwa chouma, ndipo ena amamva ululu wolasa m'nthiti akakoka mpweya. Chithunzi cha pachifuwa chimayamba kuwaonetsa akafika pafupifupi mamililita 200, koma munthu atha kusunga malita awiri kapena kuposa mbali imodzi. Chithunzicho chimangotiuza kuti madzi alipo. Sichitiuza chimene chawabweretsa.

Madziwa ali m'magulu awiri. Gulu loyamba, limene achipatala amati transudeti, ndi madzi ongodontha kuchokera m'mitsempha ya magazi pamene kachikopa kaja kalibe vuto. Gwero lake limakhala kwina: mtima wofooka, chiwindi chowonongeka, impso zotaya puloteni mu mkodzo. Amakhala ndi puloteni wochepa, ndipo kawirikawiri amapezeka mbali zonse ziwiri, miyendo itatupanso. Gulu lachiwiri ndi ekisudeti, madzi otuluka chifukwa kachikopako kapena phapolo ladwala. Amakhala ndi puloteni wambiri, ndipo amabwera ndi chifuwa chachikulu cha TB, chibayo kapena khansa, kuphatikizapo khansa ya Kaposi mwa anthu amene ali ndi HIV. Kuno kwathu, munthu wachinyamata akapezeka ndi madzi mbali imodzi, TB ndiyo imayamba kuganiziridwa. Koma kuganizira si kudziwa, ndipo mankhwala a magulu awiriwa ndi osiyana kotheratu.

Kupopa kwake kumachitika chonchi. Wodwala amakhala tsonga atatsamira kutsogolo. Dokotala amapukuta pamsana, amabaya mankhwala ochititsa dzanzi, kenaka amalowetsa singano pakati pa nthiti, moyandikira pamwamba pa nthiti ya m'munsi kuti apewe mitsempha. Madzi okayezedwa amafunika ochepa, mamililita 20 mpaka 50. Ngati phuma lakula amachotsa ambiri kuti munthu apume, koma sapitirira lita imodzi ndi theka pa nthawi imodzi. Sitikubisirani, nthawi zina mpweya umalowa pakati pa phapo ndi nthiti, n'chifukwa chake wodwala amayang'aniridwa akatha kupopedwa, ndipo vutoli lili ndi chithandizo. Tsiku lomwelo amatenganso magazi pamkono. Musadabwe nazo: madzi aja amayerekezedwa ndi magazi a munthu yemweyo.

Njira yoyerekezera imene ikugwiritsidwa ntchito padziko lonse inafalitsidwa mu 1972 ndi dokotala wa ku Amereka, Richard Light, pamodzi ndi anzake. Amayeza puloteni ndi chinthu china chotchedwa LDH, chimene chimatuluka m'maselo akawonongeka. Madzi ndi ekisudeti ngati chimodzi chokha mwa izi chapezeka: puloteni wa m'madzi wapitirira 0.5 pomugawa ndi wa m'magazi, LDH wa m'madzi wapitirira 0.6 pomugawa ndi wa m'magazi, kapena LDH wa m'madzi wapitirira magawo awiri mwa atatu a mlingo wapamwamba wa m'magazi a munthu wathanzi. Ngati zitatu zonsezi palibe, ndi transudeti. Kumene kulibe makina a LDH, puloteni yekha amathandizabe: akachepera magalamu 25 pa lita amalozera ku transudeti, akaposa 35 amalozera ku ekisudeti.

Tiyerekeze bambo wa zaka 34 amene wakhala akutentha thupi, kutuluka thukuta usiku ndi kuwonda kwa mwezi wathunthu, ndipo madzi ali kumanja kokha. Madzi atuluka achikasu ngati udzu wouma. Puloteni wa m'madzi ndi 52, wa m'magazi ndi 74. Tikagawa tikupeza 0.7, kuposa 0.5, choncho ndi ekisudeti, ndipo nkhani ya mtima tikuiika pambali. Pagalasi loonera tizilombo, maselo oyera ambiri ndi a mtundu wa limfosaiti, umene umachuluka mu TB ndi mu khansa, osati wa nyutirofilo umene umachuluka mu chibayo chatsopano. Apa pali pamene mabanja ambiri amasokonezeka. Makina oyezera TB a GeneXpert atha kunena kuti m'madzimo sanapezemo TB koma TB ilipo, chifukwa tizilombo timakhala tochepa kwambiri m'madzi amenewa. Dokotala amaphatikiza zonse: zizindikiro, mtundu wa maselo, zotsatira za makhololo, za HIV, ndiponso mlingo wa chinthu china cha m'madzimo chotchedwa ADA kumene amayeza, umene ukaposa 40 umalimbikitsa ganizo la TB. Bamboyu ayamba mankhwala a TB a miyezi isanu ndi umodzi, aulere m'zipatala za boma.

Mvetsetsani ichi: madzi a TB atha kuuma okha patapita milungu, ndipo apa ndi pamene mphini ndi zitsamba zimatengera ulemu. Munthu amaoneka ngati wachira, koma mwa ambiri osalandira mankhwala TB imadzabuka m'mapapo kapena kwina m'zaka zochepa zotsatira.

Njira ya Light nayo ili ndi polekezera, ndipo apa mapiritsi okodzetsa aja anthu amagula okha, monga Lasikisi, amatisokoneza. Gogo wodwala mtima akawamwa masiku angapo, madzi a m'chifuwa amachepa koma puloteni amatsala, n'kuoneka wambiri. Zotsatira za puloteni zitha kubwera 34 m'madzi ndi 66 m'magazi, kutanthauza 0.52, ngati ekisudeti, chonsecho vuto ndi mtima. Dokotala wodziwa za mapiritsiwo amayeza mtundu wa puloteni wotchedwa alubumini, n'kuchotsera wa m'madzi pa wa m'magazi, ndipo kusiyana kukaposa magalamu 12 pa lita amadziwa kuti ndi transudeti. Mukabisa zimene wodwala wamwa, gogoyo atha kupatsidwa mankhwala a TB pachabe. Bweretsani mapaketi onse, ndipo nenaninso za zitsamba.

Nanga madzi aja obwerera? Amabwereradi ngati gwero lake silinathandizidwe, makamaka a khansa, a chiwindi ndi a mtima. Singano sipanga madzi. Ndipo odwala amene mudamva kuti adamwalira atapopedwa, ambiri adafika matenda atapita kale patali.

Kuchedwa kumaopsa kwambiri pa madzi obwera ndi chibayo. Poyamba amakhala oyera, ndipo maantibayotiki okha atha kuwathetsa. Akakhalitsa amasanduka mafinya, shuga wake amatsika, asidi amachuluka moti muyezo wake wotchedwa pH umagwa pansi pa 7.2, ndipo pamenepo pamafunika kuika paipi m'nthiti kwa masiku angapo. Akapitirira apo, mafinya amagawikana m'timatumba ndipo kachikopa kamakhuthala n'kumanga phapo, moti pamafunika opaleshoni ku chipatala chachikulu.

Pitani ku chipatala lero lomwe ngati wodwala akupuma mobanika ali chikhalire, akulephera kumaliza chiganizo polankhula, milomo yasintha mtundu, akutsokomola magazi, kapena kutentha thupi sikukutsika patatha masiku atatu akumwa mankhwala a chibayo. Akapopedwa n'kubwerera kunyumba, phuma likakula mwadzidzidzi kapena m'nthiti mukayamba kulasa kwambiri, mubwerere naye nthawi yomweyo, ngakhale usiku.